Kuika malemu bambo pa chithunzi cha banja popanda kuoneka omata

Funso: Mwezi watha banja lathu lonse linakumana, ndipo tinajambulitsa panja kutsogolo kwa nyumba, ena kutsogolo ena kumbuyo. Bambo athu anatisiya zaka 2 zapitazo, ndiye amayi akufunitsitsa kuti nawonso aonekepo. Ndili ndi zithunzi zawo zitatu: selefi yomwe anajambula ndi mdzukulu wawo usiku m'nyumba, kachithunzi ka pa chiphaso, ndi china chakale chotsukitsa chomwe anaimirira panja. Ndinayesa selefi ija pa foni chifukwa ndi imene nkhope ikuoneka bwino, koma mutu ukuoneka waukulu ndipo zikuchita kuonekeratu kuti ndi omata. Kodi ndikulakwitsa pati?

Yankho: Pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Zimene amayi akufunazi n'zotheka ndithu, koma selefiyo muisiye. Ngakhale mutaipereka kwa munthu amene amadya za ntchito imeneyi, singakhale bwino pa chithunzi cha gulu, ndipo chifukwa chake ndi mtunda umene kamera inali.

Pojambula selefi, foni imakhala pafupifupi theka la mita kuchokera pa nkhope. Pa mutu wa munthu, nsonga ya mphuno ili patsogolo pa makutu ndi masentimita 10 kapena kuposerapo pang'ono. Kamera ikakhala pa masentimita 50, masentimita 10 amenewo ndi gawo limodzi mwa magawo 5 a mtunda wonse. Ndiye mphuno imatuluka yaikulu, chipumi chimatambasuka, makutu amabisala kuseri kwa masaya, mapewa n'kuoneka ochepa. Wojambula gulu amaima patali, mwina mamita 5, ndipo pamenepo masentimita 10 omwewo ndi 2 peresenti chabe, moti nkhope zonse zimatuluka mmene maso athu amazionera. Mutu wa pa selefi mukauchepetsa, mphuno ndi makutu zimachepera limodzi, choncho kupotoka kuja kumatsalabe. N'chifukwa chake mukuona ngati mutu ndi waukulu ngakhale mwauchepetsa kale. Ka pa chiphaso nako kali ndi mavuto ake: kamalekeza m'mapewa, ndipo kawirikawiri kamajambulidwa ndi kuwala kochokera kutsogolo kwenikweni, kosasiya mthunzi mbali iliyonse. Chakale chotsukitsacho, ngakhale chaoneka chofooka, ndicho chabwino, chifukwa bambo anaimirira, anali panja, ndipo wojambula anayenera kuima patali kuti thupi lonse lilowe.

Musanachikhulupirire, chiikeni pambali pa chithunzi cha gulu n'kuyang'ana kuwala. Musayambe ndi kumwamba kapena makoma, yang'anani pa mphuno. Pa nkhope za abale anu, mthunzi wa mphuno wagwera mbali iti? Ngati wagwera kumanja kwa chithunzi, dzuwa linali kumanzere. Onaninso pansi pa chibwano ndi m'maso: dzuwa la masana likakhala pamutu, maso amalowa mumdima ndipo khosi limada, pamene la madzulo limawalitsa tsaya limodzi n'kusiya linalo. Kenaka onani m'mphepete mwa mthunziwo. Pa dzuwa lenileni mthunzi umakhala ndi malire akuthwa, pamene kukakhala mitambo kapena anthu akaima pamthunzi, mdima umangozimirira pang'onopang'ono. Zomwezi muzione pa nkhope ya bambo.

Zikafanana, mwachita mwayi. Ngati bambo anajambulidwa pa kuwala kofewa pamene gulu lili pa dzuwa, zimakonzeka, chifukwa kuwonjezera mdima pang'ono mbali imodzi ya nkhope n'kosavuta. Chovuta ndi chosemphana nacho: mthunzi wakuthwa wodula nkhope pakati suchoka, mukaufufuta mumafufutira limodzi nkhope ya munthuyo. Nanga dzuwa likakhala kuti linachokera mbali yosiyana? Ambiri amathamangira kutembenuza chithunzi cha munthuyo kuti kumanja kupite kumanzere. Kuwala kumagwirizanadi, koma ine pa kholo la munthu sindikonda kutero. Palibe nkhope imene mbali zake ziwiri n'zofanana ndendende. Chipsera chimasamukira tsaya lina, wotchi imapita ku dzanja lina, mabatani ndi thumba la malaya zimasinthana, kamwa limapendekera kumene silinkapendekera. Mlendo sangazindikire, koma amayi adzangoti, "Akufanana nawo, koma si iwo," osadziwa chimene chalakwika. Ndi bwino kufufuza kaye kwa abale ngati pali chithunzi china, kapena kuwapezera bambo malo pagulupo pamene pali mthunzi wa denga kapena wa mtengo, pamene dzuwa silikumenya anthu mwachindunji.

Ntchitoyi muichitire pa kompyuta. Pulogalamu ya GIMP ndi yaulere ndipo ili ndi zonse zofunika, choncho maina a pa sikirini amene nditchule ndi a m'menemo. Mu Photoshop ndi Photopea zida zake ndi zomwezo, maina okha ndiwo amasiyana pang'ono. Chithunzi cha gulu muchitenge kwa amene anajambula, chikhale chenicheni cha m'kamera kapena m'foni yake. Chodutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndiye muwapemphe achitumize ngati `Document`. Chotsukitsacho muchichotse mu felemu, muchipukute fumbi ndi kansalu kofewa kouma, n'kuchisikana pa 600 dpi. Chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chimatuluka ndi mapikiselo pafupifupi 2400 ndi 3600, zomwe n'zokwanira. Ngati sikana palibe, chijambuleni ndi foni masana pafupi ndi windo, popanda fulashi, foni itayang'anizana nacho bwinobwino osapendekeka. Tsegulani cha gulu, kenaka cha bambo muchilowetse ndi `File > Open as Layers`, kuti chikhale leya yakeyake yosanjikizidwa pamwamba, yotha kusuntha popanda kuwononga cha pansi.

Tsopano tifike pa msinkhu, pamene anthu ambiri amangoyerekeza ndi maso. Maso amanama, makamaka pa munthu amene timamukonda: timamukulitsa. Pali njira yowerengera, ndipo si yovuta.

Pa chithunzi chilichonse pali mzere wosaoneka wopingasa umene uli pa msinkhu wa kamera. Tiutche mzere wa kamera. Ngati wojambula anagwira kamera pa masentimita 150 kuchokera pansi, ndipo bwalo ndi lathyathyathya, mzerewu umadutsa munthu aliyense woimirira pa masentimita 150 kuchokera pa mapazi ake, kaya ali kutsogolo kaya kumbuyo. Wamtali umamudutsa m'khosi, wamfupi pa chipumi, mwana umamudutsa pamwamba. Anthu akamatalikira kamera, mapazi awo amakwera kuyandikira mzerewu ndipo mitu ya otalika kuuposa imatsika kuuyandikiranso, koma malo amene mzere umadutsa pathupi sasintha. Kuupeza kwake, fufuzani zinthu za nyumbayo zimene zikulowera mkati kuchoka pa kamera, monga m'mphepete mwa denga la khoma la m'mbali ndi m'munsi mwa khoma lomwelo, kapena m'mbali mwa kanjira ka simenti. Pa leya yatsopano jambulani mizere yowongoka yotsatira zinthuzi n'kuipitiriza mpaka ikumane. Pamene yakumanapo, kokani mzere wopingasa. Ngati nyumba yangoyang'ana kamera popanda khoma la m'mbali, onani zinthu monga mafelemu a mawindo ndi masitepe: chimene mukuchionera pamwamba chili m'munsi mwa mzere, chimene mukuchionera kunsi chili pamwamba pake, ndipo mzerewo uli pakati pamenepo.

Tiyerekeze ndi manambala, inu mudzaikemo anu. Tinene kuti achimwene anu aima kumapeto kwa mzere wa kutsogolo, akuoneka thupi lonse, ndipo ndi aatali masentimita 175. Ndi `Tools > Measure` mwayeza kuchokera pa chidendene mpaka pamwamba pa mutu n'kupeza mapikiselo 1400. Ndiye kuti pamalo amene aimapo, sentimita iliyonse ndi mapikiselo 8. Mzere wa kamera wawadutsa mapikiselo 1200 kuchokera pa mapazi, ndipo 1200 kugawa ndi 8 ndi 150, kusonyeza kuti kamera inali pa masentimita 150. Nanga bambo anali aatali bwanji? Ngati palibe pamene zinalembedwa, fufuzani chithunzi chimene anaima limodzi ndi achimwenewo, kapena funsani amayi. Akanena kuti bambo ankalekeza cha m'maso mwa achimwene, ndiye kuti anali afupi ndi masentimita pafupifupi 10, tinene 165.

Mukawaika pambali penipeni pa achimwene, bambo ayenera kukhala mapikiselo 165 kuchulukitsa ndi 8, omwe ndi 1320. Koma ine ndingakulangizeni kuwaika mu mzere wa kumbuyo, pa mpata wa pakati pa anthu awiri, chifukwa kumeneko miyendo ndi nsapato zimabisika ndipo theka la mavuto limathera pomwepo. Kumbuyoko 1320 sikugwiranso ntchito. Suzumirani pakati pa miyendo ya anthu a kutsogolo mpaka muone nsapato ya wina wa mzere wa kumbuyo, n'kuyeza kuchokera pamene yaponda mpaka pa mzere wa kamera. Tinene mwapeza 1000. Mapikiselo 1000 amenewo ndi masentimita 150 omwe aja, choncho bambo a masentimita 165 akhala 1000 kuchulukitsa ndi 165 kugawa ndi 150, zomwe ndi 1100. Mutu wawo udutse mzere wa kamera ndi mapikiselo 100 okha, ndipo mzerewo uwadutse cha pa mphuno. Taonani kusiyana kwake: kungobwerera m'mbuyo pafupifupi mita imodzi kwachotsa mapikiselo 220. Munthu amene sanawerenge akanawasiya pa 1320, n'kukhala chimphona kumbuyo kwa ana awo.

Pa chithunzi chosikana chija, yezaninso bambo kuchokera pa chidendene mpaka pamwamba pa mutu. Tinene ndi 2000. Mukufuna 1100, ndiye 1100 kugawa ndi 2000 ndi 55 peresenti. Pitani pa `Layer > Scale Layer`, sankhani `percent`, lembani 55, ndipo onetsetsani kuti kaunyolo kolumikiza m'lifupi ndi m'litali ndi kotseka, kuopera kuwanenepetsa kapena kuwaondetsa. Chepetsani kamodzi kokha kuchokera pa chithunzi choyambirira. Mukachepetsa, n'kukulitsa, n'kuchepetsanso, nkhope imafooka ulendo uliwonse. Kuchepetsa sikuvuta, koma ngati masamu akukuuzani kuti mukulitse kupitirira pang'ono, bwererani mukasikane pa 1200 dpi m'malo mokoka mapikiselo ochepa.

Masamuwa amadalira kuti bwalo ndi lathyathyathya ndipo kamera sinapendekere kwambiri m'mwamba kapena pansi. Ngati a kumbuyo aima pa sitepe, yezani ndi munthu wa pa sitepe yomweyo amene msinkhu wake mukuudziwa. Mukamaliza, tsimikizani ndi mitu. Mitu ya anthu akuluakulu sisiyana kwambiri ngati mmene matupi amasiyanira, choncho kuchokera pa chibwano mpaka pamwamba pa mutu, wa bambo ukhale pafupifupi wofanana ndi wa akuluakulu amene aima nawo mu mzere umodzi. Pa chitsanzo chathuchi ndi mapikiselo 150 kapena kuyandikira pamenepo. Musayerekeze ndi mutu wa mwana, kapena wa munthu wa mzere wina. Onaninso ngati chithunzi chakalecho chinajambulidwa pa msinkhu wofanana: ngati mukuona kunsi kwa chibwano ndi m'mphuno mwa bambo, wojambula ananjuta, ndipo pakati pa anthu ojambulidwa moongoka adzaoneka ngati akugwa chagada. Kusiyana kochepa sikudziwika, kwakukulu kulibe mankhwala.

Kudula musadule ndi chofufutira. Gwiritsani ntchito `Layer > Mask > Add Layer Mask`, sankhani `White (full opacity)`, ndipo mupake ndi burashi yakuda pamene mukufuna kubisa. Mukalakwitsa n'kudya khutu, mungopaka yoyera, khutu libwerera. Kulitsani chithunzi pa sikirini n'kuyenda m'mphepete modekha, mukulowa mkati mwa thupi ndi pikiselo imodzi kapena ziwiri, chifukwa m'mphepete mwenimweni mumakhala mtundu wa zimene zinali kumbuyo kwawo pa chithunzi chakale. Kamzere koyera kapena kobiriwira kozungulira mapewa ndi mutu ndiko kamaulula zithunzi zambiri zomata. Burashi ikhale yofewa pang'ono, mofanana ndi mmene m'mphepete mwa anthu enawo mukuonekera. Pa tsitsi muifewetse koposa, kuti mutu usaoneke ngati wometedwa ndi lezala.

Popeza bambo ali kumbuyo, anthu a kutsogolo ayenera kuwaphimba. Izi mungazichite pa masiki yomweyo: chepetsani `Opacity` ya leya ya bambo kufika pa 50 kuti muziona za pansi, n'kupaka yakuda motsatira phewa ndi mutu wa amene ali kutsogolo kwawo, kenaka mubweze `Opacity` pa 100. Phewa limodzi la bambo lilowe kuseri kwa woyandikana nawo. Pa chithunzi cha banja anthu amathithikana, ndiye munthu amene waima yekha ndi mpata mbali zonse amaoneka mlendo ngakhale zonse zitakhala bwino.

Kuwala mukugwirizanitse m'magawo awiri, ndipo muyambe mwaiwala za mitundu. Pangani leya yatsopano pamwamba pa zonse, muidzaze ndi mtundu wotuwa, n'kusintha `Mode` yake kukhala `LCh Color`. Chithunzi chonse chisanduka chakuda ndi choyera kwa kanthawi, ndipo muona msanga ngati bambo ada kwambiri kapena awala kwambiri. Ndi `Color Picker`, mutachonga `Sample merged` ndi `Sample average`, dinani pamalo akuda kwambiri pa munthu woyandikana nawo, monga tsitsi kapena mkati mwa jekete, kenaka pamalo oyera kwambiri monga kolala. Manambala ake amayambira pa 0, kuda kwenikweni, mpaka 255, kuyera kwenikweni. Tinene pa gulu mwapeza 12 ndi 240, pamene pa bambo mwapeza 45 ndi 205. Umu ndi mmene zithunzi zakale zotsukitsa zimakhalira: chakuda chimatuwa, choyera chimazilala. Pa leya ya bambo tsegulani `Colors > Levels`. Pa `Input Levels` lembani 45 kumanzere ndi 205 kumanja, ndipo pa `Output Levels` lembani 12 ndi 240. Mukatero chakuda chawo chifanana ndi chakuda cha anzawo, choyeranso chimodzimodzi. Kachikhomo ka pakati mukasunthe pang'ono mpaka nkhope ioneke mmene mumaidziwira. Musanasinthe chilichonse, pangani kaye kope la leyayo ndi `Duplicate Layer` kuti mukhale ndi pobwerera.

Zikatero zimitsani leya yotuwa ija muone mitundu. Apa pali msampha: musafananize khungu la bambo ndi la munthu wina. M'banja limodzi anthu amasiyana khungu, ndipo mukawapatsa la mpongozi wawo, mwasintha munthu. Fananizani zinthu zopanda mtundu, monga malaya oyera kapena buluku lotuwa. Ngati malaya oyera a pagulu akusonyeza kufiira R 238, kubiriwira G 236, buluu B 228, ndiye kuti kuwala kwa tsikulo kunali kopendekera pang'ono ku chikasu. Ngati kolala ya bambo ikusonyeza kufiira kochuluka kuposa pamenepo, monga zimachitikira ndi zithunzi zambiri zakale, lowani mu `Colors > Curves`, sankhani `Red` n'kuitsitsa pang'ono, kenaka `Blue` ndi `Green` mpaka manambala ayandikane. Sayenera kufanana ndendende. Yang'anitsitsaninso khungu pamene likunyezimira, pa chipumi ndi pa masaya. Khungu lakuda limabweza mtundu wa kuwala kumene lili: pamthunzi kunja kuli koyera, chipumi chimatenga kabuluu ka kumwamba, pa dzuwa la madzulo chimatenga kachikasu. Ngati zipumi za onse zikunyezimira mwachikasu koma cha bambo chokha mwabuluu, diso limazindikira ngakhale mwini wake sangafotokoze.

Ngati bambo anali pa kuwala kofewa ndipo gulu lili ndi dzuwa kumanzere, tengani chida cha `Dodge / Burn`, burashi yaikulu yofewa, mphamvu yochepa kwambiri. Ndi `Burn` detsani tsaya la kumanja kwa chithunzi, mbali ya mphuno, pansi pa chibwano ndi mbali yomweyo ya malaya. Ndi `Dodge` walitsani pang'ono tsaya la kumanzere ndi pamwamba pa phewa. Muzionera kwa woyandikana nawo, ndipo mulekeze msanga kusiyana ndi mmene mtima ukufunira, chifukwa mukapitiriza nkhope imayamba kuoneka yopakidwa utoto.

Chimene chimamuika munthu pansi kuti asamaoneke ngati akuyandama ndi mthunzi. Ngakhale mapazi abisika, mithunzi ilipobe iwiri yofunika. Dzuwa likuchokera kumanzere, ndiye munthu amene waima kumanzere kwa bambo pa chithunzicho ayenera kugwetsera kamdima pa phewa ndi pa mkono wa bambo, ndipo bambo nawo agwetsere kawo pa amene ali kumanja. Ngati khoma lili pafupi ndipo mitu ya ena yasiya mithunzi pakhomapo, wa bambo usasowe. Pangani leya yatsopano, `Mode` ikhale `Multiply`, ndipo mtundu wopakira muutenge ndi `Color Picker` pa mthunzi weniweni umene uli kale pa chithunzicho. Musagwiritse wakuda bii, chifukwa mthunzi wa panja umakhala ndi kabuluu kapena mtundu wa dothi, ndipo wakuda umaoneka ngati dothi lothimbirira. Mthunzi wogwera pa ena ukhale pa leya ya pansi pa bambo, wogwera pa bambo ukhale pa leya ya pamwamba pawo.

Mukasankha kuwaika kutsogolo, ntchito imachuluka. Pansi pa nsapato pafunika kamzere kakuda kopyapyala, pamene chikopa chakhudza nthaka, ndipo ngati pali udzu, timasamba tingapo tiphimbe m'mphepete mwa nsapatoyo. Kenaka mthunzi wautali: ulowere mbali imene ya anzawo yalowera, ndipo utali wake muutenge kwa achimwene. Ngati iwo a mapikiselo 1400 ali ndi mthunzi wa 700, bambo a 1320 akhale ndi wa 660. Pafupi ndi mapazi ukhale wakuda ndi wakuthwa, kumutu uzifewa. Mthunzi umayambira pa phazi penipeni. Pakangotsala mpata wa mapikiselo ochepa pakati pa nsapato ndi mthunzi, munthu amaoneka kuti wadumpha.

Chotsala ndi kuthwa kwa chithunzi. Ikani sikirini pa 100 peresenti n'kuyerekeza diso la bambo ndi la woyandikana nawo. Ngati la bambo lathwa kwambiri, lifewetseni ndi `Filters > Blur > Gaussian Blur`, kuyambira pa 0.5 n'kumakwera pang'onopang'ono. Koma kawirikawiri pa chithunzi chakale zimakhala zosiyana, bambo ndiwo amakhala ofooka. Kuchepetsa kwa 55 peresenti kuja kumathandiza kale, ndipo n'chifukwa chinanso chowaikira kumbuyo, kumene nkhope ndi zazing'ono. Kuthwetsa mokakamiza sikubweza zimene kamera yakale sinagwire, kumangotulutsa timizere toyera m'mphepete. Njira yabwino ndi yokumanira pakati: fewetsani gulu pang'ono chabe, kenaka pangani `Layer > New from Visible` n'kuwaza timadontho tofanana pa chithunzi chonse ndi `Filters > Noise > HSV Noise`, mochepa moti simungatione mutakhala patali. Timadonthoti timapangitsa zithunzi ziwirizo kuoneka ngati zochokera m'kamera imodzi. Mitundu ikakanika kugwirizana ngakhale mwayesetsa, sandutsani chonse chikhale chakuda ndi choyera. Zambiri zimene zimaulula zimabisika, ndipo pa chithunzi chokumbukira munthu sizioneka zachilendo.

Poyesa ngati zatheka, maso anu okha musawadalire, chifukwa mukayang'ana chinthu nthawi yaitali amazolowera. Chepetsani chithunzi pa sikirini chikhale chaching'ono kwambiri: ngati pali nkhope imodzi imene ikudumphira kutsogolo, kuwala sikunagwirizane. Tembenuzani maonekedwe ndi `View > Flip & Rotate > Flip Horizontally` kwa kanthawi, ndipo munthu wopendekeka kapena mutu wokula umaoneka nthawi yomweyo. Kenaka musonyezeni munthu amene sadziwa banja lanu, osamuuza kanthu, mungomufunsa ngati pali chachilendo. Akaloza bambo, mufunseni chimene waona. Kawirikawiri amati "mutu" kapena "akuwala," ndipo mudziwa kobwerera.

Zikapezeka kuti chithunzi chakalecho sichikugwirizana, mwina chifukwa cha dzuwa lodula nkhope kapena kamera yojambulira pansi, musachikakamize. Nkhope yokhotetsedwa ya kholo imapweteka mtima kuposa mpata wopanda munthu. Mungaike chithunzi cha bambo monga chithunzi ndithu, mu felemu yake pakona kapena pakhoma la kumbuyo kwa gululo. Pamenepo palibe chofunika kugwirizanitsa, ndipo ngakhale selefi ija ingagwire ntchito. Ndi bwinonso kuwaonetsa amayi ndi abale ena pa sikirini musanatsukitse, chifukwa ena kuona malemu ataima pakati pa amoyo kumawatonthoza, ena kumawavuta.

Sungani ntchitoyo ngati XCF, mtundu wa fayilo wa GIMP, kuti maleya onse akhalepo, ndipo zithunzi ziwiri zoyambirira muzisunge padera osazikhudza. Chotsukitsa muchitulutse ndi `File > Export As` ngati JPEG pa `Quality` ya 95. Chithunzi cha mapikiselo 4000 ndi 3000 chili ndi mapikiselo okwanira pepala la masentimita 20 ndi 30, ngakhale chimadulidwako pang'ono m'mwamba kapena m'munsi kuti chikwanepo. Yambani mwatsukitsa chaching'ono, chifukwa pepala limatuluka loderako kuposa sikirini, ndipo kamzere ka m'mphepete kamene simunakaone kamatha kuonekera pamenepo. Kuseri kwa chachikulucho mulembe tsiku limene banja linakumana, ndiponso kuti bambo anawonjezedwa kuchokera pa chithunzi cha chaka chakutichakuti, kuti zidzukulu zimene zidzachipeze m'tsogolo zisadzasokonezeke pa za chaka chimene agogo awo anamwalira.